Mkulu wina akulanda msonkhano wa banki mkhonde: ndingawaletse bwanji osawachititsa manyazi?

Funso: Ndine wapampando wa banki mkhonde kuno ku Lizulu ndipo tilipo anthu 22. Tikamaliza kugula masheya n'kuyamba kukambirana nkhani, bambo ena achikulire, amene kale anali mphunzitsi wamkulu, amayankhula okha mpaka nthawi kutha. Wina akati anenepo amamudula mawu. Chovuta n'choti ndi malume awo a amuna anga, komanso ndi amene anayambitsa gululi. Mwezi wamawa tikambirana tsiku logawana ndalama. Nditani? (Mayi wa ku Lizulu, Ntcheu)

Yankho: Mayi, musawadzudzule pagulu, komanso musadikire kuti tsiku lina adzazindikira okha. Kudzudzula kudzakudanitsani ndi kuchimuna, pomwe kudikira kudzapha gulu mwakachetechete. Chofunika kusintha ndi kagawidwe ka mwayi woyankhula, ndipo mbali yaikulu ya ntchito imeneyi iyenera kuchitika tsiku la msonkhano lisanafike.

Taganizani kaye za gawo loyamba la msonkhano wanu. Mlembi akamaitana anthu kudzaponya ya thumba la zadzidzidzi ndi kugula masheya, bambowa sadula aliyense. Amadikira nambala yawo, n'kupereka ndalama kwa owerenga ndalama, pasibuku n'kudindidwa, iwo n'kubwerera pampando. Munthu yemweyo, pakhonde lomwelo. Kusiyana kwake n'koti pa gawo la ndalama aliyense amadziwa amene akubwera pambuyo pa mnzake, pomwe pa gawo la zokambirana wapampando amangoti "alipo ali ndi maganizo?" Funso limeneli limapereka bwalo kwa amene amafulumira kutsegula pakamwa, ndipo munthu amene wakhala zaka zambiri akuima kutsogolo kwa kalasi ndi kuyendetsa misonkhano ya makolo amafulumira kuposa mayi amene akuyamba wasinkhasinkha ngati mawu akewo ndi oyenera. Choncho mankhwala muli nawo kale m'gulu mwanu momwemo, ndiwo manambala aja.

Musanayambe kusintha zinthu, tengani misonkhano iwiri mukungoyang'anitsitsa. Pemphani mlembi kuti kumapeto kwa kope lake alembe manambala 1 mpaka 22, ndipo aliyense akayankhula pa zokambirana aziika kachizindikiro pa nambala yake. Inu muziyang'ana nthawi pafoni bambowa akayamba ndi pamene amaliza. Pepalali si lokaonetsa gulu ayi, n'lanu nokha. Lidzakuuzani zinthu ziwiri. Choyamba, kukula kwenikweni kwa vuto, chifukwa munthu amene watitopetsa timamuwonjezera nthawi m'mutu mwathu. Chachiwiri, ndi angati amene sayankhula n'komwe. Mukapeza kuti oyankhula ndi anthu anayi okhaokha, dziwani kuti kungotontholetsa mkuluyo sikuthetsa kanthu, wachiwiri wake adzangolowa m'malo.

Pa misonkhano iwiri yomweyo onetsetsani kuti amayankhula kwambiri pa nthawi iti, chifukwa anthu otalikitsa mawu sali amtundu umodzi. Ngati amabwereza mfundo imodzi katatu m'mawu osiyana, nthawi zambiri n'chifukwa choti palibe amene wawaonetsa kuti yamveka, ndipo amaleka mlembi akailemba n'kuiwerenga mokweza. Ngati amayamba kuyankhula mnzawo ali pakati pa chiganizo, koma osaoneka kuti akudziwa kuti amudula, makamaka woyankhulayo akakhala mayi wa mawu apansi amene wakhala patali, ganizirani za makutu. Anthu ambiri achikulire samva bwino ndipo sanena. Wotere amasintha mukangomukhazika pakati n'kumabwereza mokweza zimene wina wanena. Koma ngati mawu amachuluka pokhapokha nkhani ya ngongole zochedwa ikayandikira, ndipo pa ochedwawo pali iwo kapena mbale wawo, kumeneko ndi kudya nthawi mwadala. Pamenepo musavutike ndi nyambo zina, nkhaniyo muiike poyambirira pa zokambirana, ndipo malamulo a gulu amachita bwino kunena kuti munthu amene nkhani ikumukhudza ayankhe zimene wafunsidwa zokha.

Ndikuganiza kuti bambo anuwa ndi amtundu wina umene umapezeka kawirikawiri mwa oyambitsa magulu. Amaona gululi ngati mwana wawo ndipo amakhulupirira kuti akakhala chete zinthu zipotoka. Amtundu umenewu savuta kwambiri, koma amapweteka msanga akaona ngati akuchotsedwa, n'chifukwa chake kuwaonera padera kuyenera kubwera lamulo latsopano loyankhula mwa nambala lisanatchulidwe pagulu.

Inu musapite nokha. Malume a amuna anu ali ngati apongozi, ndipo mawu oti "mumatalikitsa" akachokera pakamwa pa mpongozi, ngakhale atakomera bwanji, adzafika kumudzi atasanduka mwano. Apa khoswe wakhala pamkhate, mukaponya mwala mwaswa ndi mkhate womwe. Musatumenso amuna anu, chifukwa mphwake sangalangize malume ake, ndipo nkhani ya gulu idzalowa m'banja. Sankhani munthu wa msinkhu wawo amene amacheza naye, kaya ndi mmodzi mwa osunga makiyi, kaya mkulu wa mpingo amene ali m'gulu, mupite naye kunyumba kwawo patatsala sabata imodzi kuti lamulolo litchulidwe pagulu. Iyeyo ndiye atsegule nkhani, inu muzingothirirapo.

Mawu ake akhale opempha thandizo, ndipo pempholo likhale loona. Mungathe kunena chonchi: "Bambo, tabwera kuti mutithandize nzeru. M'gulu mwathu muli anthu oposa khumi amene sanayankhulepo chiyambire chaka, ndipo akatuluka amakadandaula kumbali. Pa nkhani yogawana tikufuna aliyense anenepo mwa nambala, mphindi imodzi. Inuyo tikupempha kuti muyankhule pomaliza, mutiumbire zonse zimene zanenedwa." Onani kuti simunaname, komanso simunawanene. Mwawauza vuto lenileni, loti anthu ali duu, mwawadziwitsa lamulo lisanafike pagulu, ndipo mwawapatsa malo amene mwambo wathu umawalemekeza kale. Pabwalo la milandu mfumu siyamba ndiyo. Eni nkhani amafotokoza, nduna zimafunsa, mfumu imadzagamula pomaliza. Munthu wachikulire wa ku Ntcheu sangaone kuyankhula pomaliza ngati kuchepetsedwa.

Pali chifukwa chinanso chowaikira kumapeto. Munthu wolemekezeka akayamba ndi iye kunena kuti tigawane mu Okutobala, onse obwera pambuyo sakambanso maganizo awo, amangoyankha za Okutobala, ndipo ambiri amati "ndikugwirizana ndi zimene anena abambo." Si kuti akugwirizana nazodi, koma kutsutsa mkulu pamaso pa anthu n'kolemera. Ndiye mudzaona ngati gulu lamvana, kenaka sabata yotsatira anthu asanu osabwera, ena n'kuyamba kubweza ngongole mozengereza. Gulu likamavomereza chilichonse mwachangu koma obwera akucheperachepera, chimenecho ndicho chizindikiro choti anthu asiya kutsutsa ndi pakamwa ndipo akutsutsa ndi miyendo.

Lamulo lenilenilo lidutse m'gulu ngati malamulo ena onse, pa msonkhano wa patatsala sabata imodzi kuti mukambirane zogawana, osati pa tsiku la nkhani yotentha. Ndi bwino kuti alitchule membala wina, inu mungofunsa gulu ngati likuvomera, mlembi n'kulemba m'malamulo a gulu. Likhale lalifupi: pa nkhani yaikulu aliyense ayankhula mwa nambala kwa mphindi imodzi, palibe kuyankhula kachiwiri onse asanathe, ndipo wosafuna kuyankhula anena kuti "ndadutsa." Mawu omalizawa musawasiye. Mukakakamiza munthu wamanyazi kuti anenepo kanthu, sabata yamawa sadzabwera.

Tsopano tiyeni tiyende ndi tsiku lenilenilo. Tinene kuti za ndalama zatenga ola limodzi ndi theka ndipo mwatsala ndi mphindi 35 anthu asanayambe kuganiza za kumunda ndi kumsika. Inu mutenge mphindi ziwiri zokha kufotokoza nkhani, ndipo muiike ngati funso losankha, osati lotseguka: "Tigawane kumapeto kwa Okutobala kuti anthu agule feteleza ndi mbewu mvula isanagwe, kapena pakati pa Disembala kuti zithandize pa Khirisimasi ndi fizi ya mu Januwale?" Funso loti "mukuganiza bwanji za kugawana" limaitana mbiri ya gulu kuyambira tsiku loyamba. Funso la mbali ziwiri limayankhika m'ziganizo zitatu. Inuyo maganizo anu musanene poyamba, mwina osanena n'komwe, chifukwa wapampando naye amakoka anthu.

Kupatula inu ndi bambowa, otsala ndi 20. Pa mphindi imodzi aliyense ndi mphindi 20, ndipo kunena zoona zidzachepera, poti ena adzadutsa ndipo ambiri amamaliza m'masekondi 30. Mphindi imodzi imaoneka yochepa, koma imakwana kunena mbali imene wasankha ndi chifukwa chimodzi kapena ziwiri. Mlembi aziitana manambala monga amachitira pa masheya, ndipo asamayambire pa 1 sabata iliyonse, chifukwa manambala oyambirira nthawi zambiri ndi a oyambitsa gulu ndi a komiti. Lero ayambire pa 12, ulendo wina pa 20. Wosunga nthawi akhale mmodzi mwa owerenga ndalama, amene ntchito yake yatha pa nthawiyi, ndipo mphindi ikakwana agogode mbale ya chindapusa kamodzi ndi supuni. Kugogodaku kumveke kwa aliyense wopyola, kuyambira munthu woyamba. Mbale ikakhala chete kwa anthu 20 n'kudzalira koyamba pa mkuluyo, gulu lonse lidzadziwa amene lamulo linapangidwira, ndipo naye adzadziwa. Mwina mwamvapo nzeru yoti wolongolola mumusandutse wosunga nthawi. Ine sindiilimbikitsa, chifukwa amagogodera ena koma yekha sadzigogodera, ndipo palibe wina amene ali ndi supuni.

Onse akatha, bambowa apatsidwe mphindi zitatu, ndipo munene chiwerengerocho mokweza powaitana: "Bambo, mwamva zonse, tiumbireni m'mphindi zitatu tisanavote." Mwagwiritsa ntchito mphindi 25 basi, ndipo 10 zotsalazo n'zovota ndi kulemba chigamulo.

Kukhala kwa anthu nakonso kuli ndi ntchito. Wapampando amayang'ana kwambiri munthu amene wakhala moyang'anizana naye, ndipo wokonda kuyankhula amatenga kuyang'anidwa ngati chilolezo. Bambowa muwaikire mpando pambali panu, cha kudzanja lamanja, ngati malo aulemu. Maso anu adzakhala pa anthu ena, ndipo mukafuna kuwaimitsa mudzatha kuwauza chapansipansi popanda kukuwa modutsa bwalo lonse.

Adzadulabe wina, musakayike, chifukwa chizolowezi cha zaka zambiri sichitha ndi ulendo umodzi wa kunyumba. Zikachitika, musayambe ndi iwo, yambani ndi amene wadulidwayo. Muyang'aneni n'kunena kuti, "Mayi a nambala 14 anali asanamalize, pitirizani mayi." Kenaka mutembenukire kwa iwo pang'ono: "Bambo, isungeni imeneyo, nthawi yanu ikubwera." Muchite zimenezi pa kudula koyamba penipeni. Mukalekerera koyamba poganiza kuti n'kakang'ono, kachiwiri simudzakhalanso ndi poyambira, ndipo amayi onse amene anaona mnzawo akudulidwa popanda womuteteza adzati "ndadutsa."

Akapyola mphindi zawo zitatu, luso lake lili pa kupeza polowera. Musadikire kuti amalize nkhani, chifukwa munthu wotere samaliza, amalumikiza mfundo ndi "komanso" kapena "ndiye pamenepo." Dikirani pamene akupuma mpweya kumapeto kwa chiganizo. Atchuleni ndi chiwongo chawo mwaulemu, poti munthu akamva chiwongo chake amaima kaye, ndipo pompo nenani mwachidule zimene anena: "Zikomo bambo, tamva kuti inu mukuti Okutobala chifukwa mitengo ya feteleza imakwera mvula ikayandikira. Alembi, lembani imeneyo." Musalekeze ndi funso ngati "si choncho?" kapena "mwamaliza?" chifukwa funso limawabwezera bwalo. Malizani ndi chochita chotsatira: "Tsopano tivote." Ndipo musapepese kambirimbiri. "Pepani" mmodzi ndi ulemu, atatu amauza gulu kuti inu ndi amene mwalakwa.

Kuvotako kukhale kwachinsinsi, apo ayi zonse mwachitazi zigwera m'madzi. Kuwaika kumapeto kuli ndi ngozi yake, yoti mawu awo ndi amene atsala m'makutu, ndipo mukati "okweza manja," anthu adzayamba ayang'ana dzanja lawo. Gwiritsani ntchito njira imene magulu ambiri amasankhira komiti. Ikani matumba awiri osiyana mtundu kuseri kwa chitseko kapena kwa chitenje chopachika, lina la Okutobala lina la Disembala. Aliyense apatsidwe kamwala kamodzi kapena njere ya nyemba, apite yekha mwa nambala, aponye m'thumba limodzi. Owerenga ndalama akhuthule pamaso pa onse, ndipo timiyala tikwane 22 kapena chiwerengero cha amene abwera. Tikapyola, bwerezani. Zikatuluka 13 kwa 9 motsutsana ndi mkuluyo, palibe amene wamutsutsa maso ndi maso, ndipo iwo sataya ulemu. Mlembi awerenge chigamulo mokweza, ndipo sabata yotsatira wina akafuna kuyambitsanso nkhaniyo, yankho ndi loti inatsekedwa ndipo ili m'kope.

Za chindapusa ndikuchenjezeni. Magulu ambiri ali ndi lamulo lolipiritsa woyankhula asanapatsidwe mwayi, ndipo mwina lanu lilinso nalo, lakhala likungogona. Musalidzutse mwadzidzidzi pa munthu mmodzi. Kwa mkulu wotere vuto si K200 yoponya m'mbale, koma kuimirira pamaso pa ana ake kukaponya. Akhoza kudikira tsiku logawana, n'kutenga zake, n'kuchoka ndi abale ake anayi kapena asanu kukayambitsa gulu lina, ndipo gulu lanu lidzatsala ndi thumba lochepa lobwereketsa. Ngati gulu likufuna chindapusa, lilengeze kuti chiyamba pakatha misonkhano iwiri yozolowera, ndipo inu a komiti mukhale oyamba kulipira mukalakwitsa. Wapampando akadziponyera yekha K200 chifukwa wadula mnzake, mkulu akhoza kulipira yake akuseka.

Yembekezaninso kuti msonkhano woyamba udzakhala wozizira. Anthu ambiri adzadutsa, padzakhala kachetechete wosowetsa mtendere, ndipo mudzaona ngati bola kale. Ena m'gulu anazolowera kuti pali wowayankhulira, ndipo zinkawapepukira. Mukaitana nambala, werengani chamumtima mpaka 5 musanapite kwa wina, chifukwa wamanyazi amafuna kanthawi kameneko. Musadzaze mpatawo ndi mawu anu. Ndi mmene apampando ambiri amasandukira olongolola atsopano. Ngati oposa theka akudutsabe pa msonkhano wachitatu, agaweni anthu atatuatatu kwa mphindi zisanu, okhala moyandikana, kenaka kagulu kalikonse kasankhe mmodzi wonena. Bambowa muwaike ndi anzawo a komiti, kuti asamize anthu ofatsa. Pepala la mlembi lija lipitirire. Ngati poyamba oyankhula anali 4 ndipo pakatha mwezi afika 12, zikuyenda, ngakhale mkuluyo akadali wotalikitsa kuposa onse. Cholinga si kuti iwo akhale chete, poti munthu amene waona magulu akugwa chifukwa chobwereketsa mosasamala ali ndi zonena zofunika.

Popeza ndi achibale, mudzakumana nawonso pa misonkhano ya banja, monga yokonzekera chiliza kapena ukwati, ndipo kumeneko manambala ndi mbale sizigwira. Inu kumeneko ndinu mtengwa, si wapampando, ndipo ngati iwo ndi mwinimbumba, bwalolo ndi lawo. Chimene chimathandiza ndi kuti amayi, amene kawirikawiri amakhala pamphasa chapatali ndipo safunsidwa mpaka nkhani itatha, akumane okha dzulo lake, amvane mfundo ziwiri kapena zitatu, n'kusankha mlongo wawo wa bambowo kapena mayi wamkulu wa pabanjapo kuti akanene m'malo mwa onse. Mlongo angathe kuuza mchimwene wake kuti "achimwene, taimani kaye timve ana," mawu amene wina aliyense sangawanene. Mphwawo mmodzi wodziwa kulemba agwire kope n'kumafunsa mafunso ofuna yankho lalifupi: matumba a simenti angati, agula ndani, pofika liti.

Zikapitirira pa gulu ngakhale mwachita zonsezi kwa miyezi iwiri, makamaka akayamba kunyoza anthu kapena kukana zotsatira za voti, nkhaniyo yasiya kukhala ya kutalikitsa mawu. Komiti yonse ya anthu asanu ikhale nawo pansi, osati inu nokha, ndipo muitane mlangizi amene anaphunzitsa gulu lanu, ngati alipo, kuti adzakumbutse malamulo kwa onse. Kwa amfumu musathamangireko, pokhapokha pakhale kutukwana kapena ndalama zosowa, chifukwa nkhani ikafika kumeneko imakhala mlandu wa mpongozi ndi apongozi ake, ndipo mamembala adzayamba kusankha mbali potengera ubale.